Ntchito ya nkhope ya malemu agogo: matisheti 60 ndi bana imodzi

Lolemba

Ntchito yabwera kuchokera kwa mayi ena a ku Area 25, banja lawo lili ndi mwambo wa chiliza cha bambo awo ku Nathenje kumapeto a mwezi uno. Akufuna matisheti 60 okhala ndi nkhope ya malemuwo pachifuwa, komanso bana ya mamita 3 mulitali ndi mita imodzi mulifupi yoti akamange patenti. Sakufuna chithunzi chenicheni chopurintidwa ngati mmene ambiri amachitira muja, akufuna chojambula cha mizere yoyera bwino, mtundu umodzi basi, chifukwa achimwene amene azipurinta ku Old Town amagwiritsa ntchito sikirini, kansalu ka timipata kodutsitsira inki, ndipo mtundu uliwonse wowonjezera ndi sikirini inanso, ndalamanso zina.

Chithunzi anatumiza pa WhatsApp. Ndi chithunzi chapepala cha ku situdiyo chakalekale, wina anachijambulanso ndi foni chili mufelemu, galasi likunyezimira pa tsaya lakumanja, kenako WhatsApp nayo inachifinya. Nditachikulitsa ndapeza kuti mutu wonse wa agogowo ndi mapikiselo osakwana 300 kuchokera pachipewa mpaka kuchibwano, ndipo kuzungulira maso kuli timabokosi tija ta JPEG. Ichi sungatiresenso ayi, kutanthauza kuchisandutsa mizere ndi pulogalamu. Pulogalamu yotiresa sidziwa kuti ili ndi diso ili ndi banga, imangotsata malire pomwe mdima ukukumana ndi kuwala, nde ukaipatsa timabokosi ikujambulira timabokosi tomweto bwinobwino.

Ndawayimbira kuti mayi, chithunzi chapepalacho chilipo? Akuti chili pakhoma kwa achemwali awo ku Kawale. Ndapempha kuti achichotse mufelemu abwere nacho. Kukanakhala kuti ali kutali ndikanawauza achijambulire panja pamthunzi, popanda galasi, foni italunjika bwino, atumize ngati Document kuti chisafinyidwe, koma poti Kawale ndi pompano kuli bwino ndichisikane ndekha.

Lachiwiri

Chafika, mwana wawo wabwera nacho chili mu envulopu. Ndi cha masentimita 10 kwa 15, agogo ali pampando, chipewa kumutu, magalasi a felemu yokhuthala, jekete la mizeremizere, ndevu za imvi. Mutu wokhawokha papepalapo ndi masentimita atatu basi. Nde masamu ake ali chonchi: inchi imodzi ndi masentimita 2.54, ndikasikana pa 600 dpi mutuwo utuluka mapikiselo pafupifupi 700, pa 1200 dpi pafupifupi 1,400. Ndasankha 1200 ndipo ndasikana mutu ndi mapewa okha, ndasunga ngati PNG osati JPEG. Pa 1200 pepala lakale ngati ili silikupatsa zambiri zatsopano, koma malire a zinthu amatuluka osalala, ndipo ndi zomwe ndikufuna.

Ndinayesa kaye kuponya chithunzicho mu Inkscape, pulogalamu yojambulira ndi kutiresa, mmene chililimu kuti ndione poyambira. Path > Trace Bitmap, Brightness cutoff, Threshold ili pa 0.45 pomwe imayambira paja. Zomwe zatuluka: chipewa, nkhope, khosi ndi jekete zonse chibulunga chimodzi chakuda bii, mwangotsala ndevu, kolala ya shati ndi kadontho pamphuno. Izi ndimaziyembekezera. Threshold ndi mzere umodzi wodula, chilichonse chakuda kuposa nambalayo chimakhala inki, chowala kuposa pamenepo chimakhala pepala, ndipo khungu lathuli pa zithunzi za situdiyo zakale nthawi zambiri lonse limagwera pansi pa 0.45. Ukatsitsa kufika 0.25 mbali yomwe kunali nyale nkhope imayamba kuoneka koma mbali inayo idakali mdima, ukatsitsanso mbali yamdimayo imatseguka koma kowala kuja mphuno ndi milomo zasowa. Palibe nambala imodzi yomwe ingagwire mbali zonse ziwiri. Anthu amataya nthawi akukoka kabataniko uku ndi uku, pomwe vuto lili pachithunzi osati pa Inkscape.

Lachitatu

Tsiku lonse GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi, Inkscape sindinayitsegule nkomwe mpaka madzulo.

Choyamba ndadula kumbuyo konse, katani la situdiyo ndi mpando, ndaika zoyera. Kenako Colors > Desaturate kuti mitundu ichoke. Ntchito yeniyeni inali yolinganiza kuwala pankhope, kuti tsaya lamdima ndi tsaya lowala ziyandikirane. Ndasankha mbali yamdimayo ndi Free Select, ndaika Feather yaikulu kuti malire asaoneke, nkukweza ndi Levels pang'onopang'ono mpaka makwinya a pansi pa diso ayamba kuoneka ngati a mbali inayo. Chipewa ndi jekete ndazipanga pazokha, chilichonse Levels yake, chifukwa nsalu ndi khungu sizingadulidwe pamzere umodzi.

Kenako Dodge/Burn, burashi yofewa, mphamvu yochepa. Apa mpomwe munthu umasankha kuti nkhope iyi imadziwika ndi chani. Kwa agogowa ndi zinthu zochepa: mizere iwiri yozama yochokera pamphuno kutsikira kukamwa, nsidze zotsika kumapeto, mlomo wapansi waukulu, ndi mmene ndevu zimayambira mmunsi mwenimweni mwa masaya. Zimenezo ndadetsa ndi Burn kuti zipulumuke podula. Chipumi, msana wa mphuno, pamwamba pa masaya ndi chibwano ndawalitsa ndi Dodge kuti zituluke zoyera popanda madontho. Makwinya ang'onoang'ono a pachipumi ndasiya awiri, enawo ndafufuta. Ukawasiya onse munthu amaoneka wokalamba kuposa mmene analiri komanso wokwiya, chifukwa kakhwinya kofewa pachithunzi kamasanduka mzere wakuda wofanana mphamvu ndi felemu ya magalasi. Mu chojambula cha mtundu umodzi mulibe zoti uwu ndi wakuda pang'ono. Uli kapena palibe.

Pomaliza Gaussian Blur ya mapikiselo atatu. Zimamveka zosemphana, kufuna mizere yakuthwa koma nkuyamba wachititsa chithunzi khungu, koma timchenga ta pepala lakale tija ndi tomwe timapangitsa mzere kutuluka wamanomano. Blur imatisungunula, ndipo podula paja malire amabwerera akuthwa koma osalala. Ikachuluka nayo imadya ngodya za maso ndi kukamwa, nde pachithunzi chachikulu chonchi 2 mpaka 4 ndi bho, pachaching'ono ingachuluke.

Jekete la mizeremizere ndalidetsa lonse likhale lakuda, ndangosiya mzere woyera wa kolala ndi pomwe limapindika. Mizere ija inali kukopa maso kuposa nkhope, komanso pasikirini ikanangodzadza inki.

Madzulo ndatiresanso. Threshold 0.45 yomweyo, koma ulendo uno nkhope yatuluka, ndi agogo aja ndithu. Speckles ndakweza kuchoka pa 2 kufika 25 kuti timadontho tosakwana mapikiselo amenewo titayidwe, Smooth corners ndaisiya pa 1.0, Optimize ndakweza kufika 0.5 kuti manodi, timfundo tomwe timagwira mizere, achepe. Amene amakonda kulemba malamulo, chomwe chimagwira ntchito mkati mwa Trace Bitmap ndi Potrace ya Peter Selinger, ndipo payokha umaiyendetsa chonchi, ukasunga chithunzi chako ngati BMP:

```
potrace -s -k 0.45 -t 25 -a 1.0 -O 0.5 nkhope.bmp -o nkhope.svg
```

Lachinayi

Kuyeretsa. Magetsi anazima mmawa nde ndayamba mochedwa, laputopu batire lake silikhalitsanso.

Ndikadina pachojambulacho ndi chida cha manodi, pansi pa sikirini ya kompyuta Inkscape ikunena kuti manodi apitirira 5,000, ambiri ali mundevu. Kuti uone bwino zomwe wapanga pita View > Display Mode > Outline, mitundu yonse imachoka umangoona mafupa a mizereyo, ndipo mpomwe tizinyalala tobisika timaonekera. Anthu ambiri apa amangosankha zonse nkudina Ctrl+L, Simplify ija. Pankhope musatero. Imachotsadi manodi koma sisankha, imakhotetsa ngodya ya diso, milomo imafufuma, munthu amasanduka msuweni wake. Ine ndagwiritsa ntchito pa chipewa ndi jekete pokha, nditazilekanitsa kaye.

Maso, magalasi ndi kukamwa ndafufuta zomwe makina anatiresa nkujambulanso pamanja ndi Pen, chithunzi chili pansi pa leya yokhoma. Felemu ya magalasi makina anaitulutsa yonenepa pena yoonda pena, penanso yoduka pomwe kunali kunyezimira, chonsecho ndi chinthu chopangidwa kufakitale, diso la munthu limadziwa kuti chimayenera kukhala chofanana monse. Manodi asanu ndi atatu pa galasi lililonse akwanira. M'maso ndasiya kadontho koyera pa mboni iliyonse, mbali imodzimodzi konse, popanda kameneko maso amaoneka akufa ndipo pa tisheti ya chikumbutso chimenecho sichinthu chomwe banja likufuna kuona. Mizere yapamanjayi ndaisandutsa zooneka zodzadza ndi Path > Stroke to Path, kenako Union ndi zinazo kuti chonse chikhale chidutswa chimodzi. Ukaisiya ili Stroke, wina akakulitsa kapena kuchepetsa pa kompyuta yake kukhuthala kwake kutha kusatsatira.

Ndevu ndiye zadya nthawi. Makina anatiresa tsitsi lililonse palokha, zomwe pa sikirini ya kompyuta zimaoneka zokongola koma pansalu sizingatuluke. Ndazisandutsa chigawo chimodzi choyera cha malire a zikhadabozikhadabo, mkati mwake ndaika timizere takuda tokhota pafupifupi makumi awiri tosonyeza komwe ndevu zikulowera. Zakwana. Manodi onse tsopano ali pansi pa 900.

Kenako kuyeza, ndipo izi zimachitika chojambula chili pa saizi yomwe chipurintidwe, osati ina. Patisheti chikhala masentimita 24 mulifupi, 28 mulitali. Achimwene a ku Old Town aja sikirini yawo ndi ya 43T, kutanthauza ulusi 43 pa sentimita iliyonse, nde ulusi umodzi ndi kampata kake ndi pafupifupi 0.23 mm. Mzere woonda kuposa theka la milimita ukungokhala pa ulusi uwiri, potsuka sikirini umatha kutseguka moduladula kapena osatseguka nkomwe. Mpata wopanda inki pakati pa zigawo ziwiri za inki nawo umafuna kukulirapo, chifukwa inki ikakanikizidwa imafalikira pang'ono mbali zonse ziwiri nkutseka mpatawo. Ndajambula timadontho tiwiri tofiira, ka 0.5 mm ndi ka 0.8 mm, nkumatikoka pachojambula chonse: mzere wakuda ukachepa kuposa kadontho koyambako ndaunenepetsa kapena kuuchotsa, mpata woyera ukakanika kulowa kachiwiriko ndaukuza. Kenako ndapurinta papepala la A3 pa 100%, ndamata pakhoma nkuima chapatali.

Ndatumiza kwa mayi aja. Ayankha ndi voisi, akuti "Eee achimwene, ndi adadi enieni awa, koma mphunoyo ngati yakula pang'ono." Anali ndi mfundo, mthunzi wa mbali ya mphuno unalumikizana ndi mzere wa patsaya nde mphuno imaoneka yotambalala. Ndadula pakati pake ndasiya mpata wa milimita imodzi ndi theka, ndatumizanso, akuti tsopano zili bwino. Pa zinthu ngati izi wachibale amaona msanga kuposa wojambula, ine agogowa sindinawaonepo.

Lachisanu

Nkhani yasintha. Banja lakumana lagwirizana kuti matisheti asakhale oyera, akhale akuda, chojambula chikhale choyera. Mayi aja akuti "sikungosintha mtundu basi?" Ayi mayi, apa pali ntchito ina.

Chomwe ndinajambula ndi mithunzi: nsidze, mboni, mabowo a mphuno, mzere wa kukamwa, jekete. Ukangotenga chimenecho nkuchipaka choyera pansalu yakuda, mboni zikhala zoyera, ndevu za imvi zikhala zakuda, nkhope ioneka ngati ija ya pa negetivu ya filimu, yoopsa ndithu. Ndimaziona kawirikawiri mutawuni muno pamatisheti a misonkhano, munthu maso ali mbuu. Pansalu yakuda inki yoyera iyenera kupita pomwe pali kuwala, ndipo nsaluyo ndi yomwe ikhale mthunzi.

Kachitidwe kake sikovuta poti fayilo ndi yoyera kale. Ndajambula ndi Pen chigawo chimodzi chozungulira mutu ndi mapewa onse, ndachiika pansi, chojambula chakuda chija pamwamba, ndasankha zonse ziwiri nkupanga Path > Difference. Chapamwamba chimaboola chapansi, chotsalacho ndi malo onse owala: chipumi, masaya, mphuno, ndevu, kolala. Chimenecho ndiye chipakidwe choyera. Ndaika bokosi lakuda kumbuyo pongoonera ndipo nkhope yabwerera mmene imayenera kukhalira.

Koma pabuka zinthu ziwiri. Chipewa ndi jekete, poti ndi zakuda, zasowa munsalu, nkhope ikungoyandama yokha. Ndawonjezera mzere woyera wa 1.2 mm kuzungulira chipewa ndi mapewa, wosatsekeka monse, ndausiya uzimiririka chakumunsi kuti zisaoneke ngati chomata. Chachiwiri, zonse zomwe dzulo zinali mizere ya inki lero ndi mipata, ndipo zomwe zinali mipata ndi inki. Nde miyezo ija yatembenuka. Makwinya, felemu ya magalasi ndi timizere ta mundevu tija ndinatiyeza ndi 0.5 mm, tsopano tikufunika kupitirira pamenepo, ndipo inki yoyera ndi yolemera, pansalu yakuda amaipaka kawiri kuti iwale, nde imafalikira kuposa yakuda. Ndakuza mipata yonse kufika milimita imodzi, timizere ta mundevu ndachotsapo pafupifupi theka kuti totsalato tipeze malo.

Chinanso choti ndisaiwale kuwauza achimwene aja: pafilimu yowotchera sikirini, pomwe padutse inki pamayenera kukhala pakuda, kaya inkiyo ndi yoyera. Nde fayilo yomwe ndiwapatse ili ndi zigawo zowala zija zitapakidwa zakuda, ndipo papepala ioneka ngati negetivu. Ndalemba pambali pake ndi zilembo zazikulu kuti INKI YOYERA PANSALU YAKUDA, MUSATEMBENUZE, chifukwa mnyamata wapashopu akaiona angaganize kuti ndalakwitsa nkundikonzera.

Loweruka

Bana. Apa ambiri amati poti ndi vekita, chojambula cha mizere osati cha mapikiselo, ingokulitsa basi, ndipo nzoona kuti sichiphwanyika ngati chithunzi, koma kusaphwanyika sikutanthauza kuti chioneka bwino. Nkhope pabana ikhala masentimita 84 mulitali, katatu kuposa patisheti. Mzere wa 0.5 mm uja ukukhala 1.5 mm. Tisheti umaiona munthu ali pafupi nawe, bana anthu aiona ali pamipando mamita khumi kapena kupitirira, ndipo pamtunda umenewo mzere wa milimita imodzi ndi theka sukuoneka, nkhope imangokhala mbuu yopanda nsidze. Kumbali inayi amene ayandikire kukajambulitsa aona kakhota kalikonse katakula katatu.

Nde ndakopa fayilo ya mithunzi yakuda ija, poti bana kumbuyo kwake ndi koyera, nkupanga ina yapadera. Mizere ya maso, nsidze, kukamwa ndi magalasi ndainenepetsa isachepere 4 mm pa saizi ya bana. Ndadutsanso mu Outline nditakulitsa kwambiri, ndapeza tingodya tina pamlomo wa chipewa ndi pakhutu tomwe patisheti sitikanaoneka, ndasalaza. Ndipo poti bana imatuluka pa purinta yaikulu ija yomwe mitundu siwonjezera mtengo, ndaikapo mtundu wachiwiri: ndatiresanso chithunzi cha GIMP chija pa Threshold 0.62, chomwe chimagwira mithunzi yapakati, ndachisalaza kwambiri, ndachipaka chotuwa nkuchiika pansi pa chakudacho. Nkhope yapeza thupi, masaya aoneka ozungulira. Mmene ndikuonera ine ya pabanayi yafanana ndi agogowo kuposa ya patisheti.

Njira yoyesera popanda kupurinta mamita atatu: purinta bana yonse pa A4 chopingasa, imatuluka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a saizi yake, ndiye ukaima mita imodzi kuchokera papepalalo ukuona zomwe munthu aone ali mamita khumi kuchokera pabana. Ndayesa, dzina ndi nkhope zikuwerengeka, vesi lomwe banja linasankha linali laling'ono nde ndalikuza nkuliduladula mizere iwiri. M'mbali monse ndasiya masentimita 6 opanda kanthu kofunika, apo mpopinda ndi pokhoma timphete tomangira chingwe.

Zilembo zonse Path > Object to Path, kuti kushopu kukapanda fonti yanga zisasinthe zokha. Izi nzofunika kwambiri pano chifukwa dzina la malemu lili ndi ŵ, ndipo mafonti ambiri okongola alibe chilembo chimenechi, chimatuluka kabokosi kapena cha fonti ina. Mafayilo ndasunga ngati PDF chifukwa mashopu ambiri kuno amatsegula ndi CorelDRAW, ndipo SVG ikachoka pulogalamu ina kupita ina pena imasintha saizi. Pa fayilo ya tisheti ndaika kamzere ka masentimita 10 kunja kwa chojambula, akatulutsa filimu angoyeza ndi rula. PDF ya Inkscape imatuluka mu RGB, mitundu ya pa kompyuta osati ya inki, nde chakuda ndi chotuwa chija pa purinta yawo zitha kusintha pang'ono, ndapempha kuti ayambe atulutsa kachidutswa ka diso limodzi ndi tsaya pa saizi yeniyeni asanayendetse bana yonse.

Lolemba

Ndinali ku Old Town mmawa. Filimu yayezedwa, kamzere kaja masentimita 10 ndendende. Sikirini awotcha, tisheti yoyesera yatuluka. Nkhope ili bwino, ndevu zaoneka, mzere wa chipewa wagwira. Vuto lili pa diso lakumanzere, mpata wa pakati pa chikope ndi felemu ya magalasi watsekeka ndi inki atapaka kachiwiri, diso likuoneka lotupa. Ndinafunsa kuti achimwene, ndi kakanikizidwe kapena ndi fayilo? Anapaka ina mopepuka, panatsekekabe pang'ono, nde pamatisheti 60 sitingadalire dzanja. Pamalopo pali mizere itatu yoyandikana mkati mwa mamilimita anayi, ndachotsa wapakatiwo, khwinya la chikope, ndakuza inayo kufika 1.3 mm, ndapanganso chimodzimodzi diso linalo kuti afanane. Filimu yatsopano atulutsa mawa, sikirini aitsuka awotchenso.

Kachidutswa ka bana nako ndakaona, chakuda chili bwino koma chotuwacho chatuluka chodera kuposa pa laputopu, chikulimbana ndi mizere yakuda. Ndachiwalitsa, ndatumizanso fayilo. Zotsala: tisheti yoyesera yachiwiri mawa masana, ichapidwe kamodzi tione ngati inki yauma bwino, mayi aja abwere avomereze, ndipo matisheti a ana 12 akufunika sikirini yawoyawo ya masentimita 17 mulifupi. Kuchepetsa kuchoka 24 kufika 17 kukutsitsa mipata ya milimita imodzi ija kufika 0.7, nde ndevu ndi maso ndiyenera kuzidutsanso ndi timadontho tofiira tija usiku uno.